Chogwirira cha m'bafa la amayi: yambani mwafunsa khoma

Ambiri tikaona kuti makolo ayamba kuvutika kuwerama ndi kudzuka posamba, timathamangira ku Limbe kukagula chitsulo chogwirira chonyezimira, n'kuchitumiza pa minibasi ya ku Thyolo, kenaka mmisiri n'kuchikhomera pamene waona kuti pali bwino. Chitsulocho kawirikawiri chimakhala cholimba ndithu. Vuto limakhala pa zinthu ziwiri zimene sitinaziyeze: thupi la munthu amene azichigwira, ndi khoma limene tachimangirirapo. Chogwirira chimene chazuka munthu atatsamira n'choipa kuposa bafa lopanda chogwirira, chifukwa munthuyo amakhala atachidalira ndi thupi lonse, ndipo amagwa chagada chitsulo chili m'manja.

Sabata ino tiyende limodzi ntchito imeneyi kuyambira poyeza mpaka poyesa, ndipo tiyende ndi chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze amayi anu ali ndi zaka 74. Anathyola tiyi zaka zambiri, dengu kumsana, m'minda ngati ija ya ku Satemwa, Conforzi kapena Naming'omba, ndipo pano anapuma, akukhala m'mudzi cha ku Makwasa. Ndi aafupi, masentimita 152, ndipo amalemera makilogalamu 60. Maondo amawawawa, makamaka nthawi ya Chiperoni. Bafa lawo lili kuseri kwa nyumba, la njerwa zootcha, lopanda denga, ndipo amasamba ndi ndowa ndi kapu ngati mmene anthu ambiri amasambira. Mukufuna kuwaikira pokhala ndi pogwira. Tiyambire pati?

Muyeso uli pa thupi la amayi

Mukafufuza pafoni mupeza manambala ochokera kunja. Malamulo a ku Amereka a 2010 okhudza nyumba zimene aliyense amalowamo amati chogwirira chopingasa chikhale masentimita 84 mpaka 91 kuchokera pansi, ndipo mpando wosambira ukhale masentimita 43 mpaka 48. Malamulo omangira nyumba a ku Mangalande amaika mpando pa masentimita 48 ndi chogwirira cha pambali pake pa masentimita 68. Manambalawa si olakwika, koma anawapangira mahotela, zipatala ndi maofesi, kumene chimbudzi chimodzi chimalandira wamtali ndi wamfupi yemwe, komanso munthu wochoka pa njinga ya olumala kupita pa mpando. Inu mukupangira munthu mmodzi, ndipo munthuyo alipo. Muyezeni.

Kuyezaku sikufuna kuti mulowe nawo m'bafa. Pajatu kwathu kuno mwana wamwamuna salowa m'bafa la amayi ake iwo alimo, ndipo palibe chifukwa choswera mwambo. Zonse zichitikire pakhonde, atavala bwinobwino, kungoti kumapazi avale zimene amavala posamba. Ngati ndinu mwamuna ndipo kugwira miyendo ya amayi kukukuvutani, mchemwali wanu kapena akazi anu agwire tepi, inu muzilemba.

Muyeso woyamba ndi wa mpando. Akhale pa mpando wolimba, mapazi onse aponde pansi, ndipo muyeze kuchokera pansi mpaka kuseri kwa bondo, pamene mwendo umapindikira. Kwa amayi a m'chitsanzo chathu tinene kuti tapeza masentimita 38. Onjezerani masentimita 2 mpaka 5, ndiye mpando wawo uli pakati pa 40 ndi 43. Tikuonjezera chifukwa chiuno chikakhala pamwamba pang'ono kuposa maondo, kudzuka kumapepuka. Koma tikapitirira, tikawapatsa 48 wa ku Mangalande uja, zidendene zawo zizilendewera, ndipo munthu wonyowa, wodzola sopo, amene mapazi ake sakuponda bwino pansi amatsetsereka kutsogolo. Tikaufupikitsa kwambiri, ngati kampando ka kukhitchini kaja, maondo amakwera m'mwamba ndipo podzuka amafunika mphamvu imene alibe.

Musakhulupirire tepi yokha. Sanjani njerwa pakhonde, ikani thabwa pamwamba, wina aligwire, ndipo muwapemphe kuti, “Amayi, takhalani apa, kenaka mudzuke ngati mmene mumachitira masiku onse.” Yesani pa 40, pa 42, pa 44. Mudzaona nokha: pamene adzuka kamodzi osayamba agwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo ngati akutenga liwiro, pamenepo ndiye pawo. Kwa amayi athuwa tinene kuti ndi 42.

Muyeso wachiwiri ndi wa chogwirira cha pambali pa mpando, chimene amakanikiza podzuka ndi pokhala. Apa malamulo a ku Mangalande aja akutithandiza, osati ndi manambala ake koma ndi kusiyana kwake: 68 kuchotsapo 48 kutsala 20. Chogwirira chikhale pafupifupi masentimita 20 pamwamba pa mpando. Mpando wa 42 ukufuna chogwirira cha pa 62. Potsimikiza, akhale pa thabwa paja, mapewa atawamasula, inu mugwire mpini wa khasu mopingasa pambali pawo. Akaika dzanja pa mpiniwo phewa lisakwere kukhutu, komanso asapendekere kumbali kuti aufikire. Chogwiriracho chitalike masentimita 60, ndipo chipitirire kutsogolo kwa mpando mpaka cha pa maondo, chifukwa munthu podzuka amapita kutsogolo asanapite m'mwamba. Chogwirira chimene chathera pa chiuno chimasiya dzanja kumbuyo pa nthawi imene likufunika kwambiri.

Muyeso wachitatu ndi wa pogwira ataimirira, potembenuka kapena popukuta mapazi. Aimirire, manja ali m'mbali, muyeze kuchokera pansi mpaka pamene timavala wotchi. Kwa munthu wa masentimita 152 pamakhala cha m'ma 74. Chogwirira choimirira chiyambire pamenepo kapena kutsika, n'kukwera mpaka cha m'phewa, masentimita 120. Ubwino wa choimirira n'ngwakuti dzanja limadzisankhira pogwira, ndiye abambo amene ndi otalikirapo nawonso chiwathandiza.

Funso lomaliza pa thupi ndi la mbali. Chogwirira chikhale ku dzanja lamphamvu munthu atakhala pansi. Ngati kholo linadwalapo sitiroko, kapena linathyoka m'chiuno, musasankhe nokha. Funsani kuchipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo kuti akulozereni kwa a fiziyo. Ku Blantyre ntchito imeneyi imachitika ku Kachere ndi ku Queen Elizabeth. Iwo amaona mmene munthu akudzukira n'kunena mbali ndi kutalika kwake. Chimodzimodzinso ngati amayi akumamva chizungulire akangoimirira: chimenecho si cha mmisiri, n'cha kuchipatala.

Khoma lanu ndi la mtundu wanji?

Malamulo a ku Amereka aja amafuna kuti chogwirira, zomangira zake ndi khoma lenilenilo zipirire mphamvu yofanana ndi makilogalamu 113. Yerekezani matumba awiri a simenti ndi kena pamwamba. Mwina mukuti, eti amayi a makilogalamu 60 angafune zonsezo? Inde, chifukwa munthu amene waterereka sagwira mwaulemu. Amagwira modzidzimutsa, thupi lili kale pa ulendo wopita pansi, ndipo kukoka kwa kanthawi kochepako kumaposa kulemera kwake.

Ndiye musanagule kanthu, lifunseni khoma mafunso anayi. Mukufunika msomali wa mainchi 4, hamala yaing'ono ndi tepi basi.

Loyamba, ndi lokhuthala bwanji? Yezani pakhomo, pamene khoma likuonekera m'mbali. Mukapeza masentimita 23 kapena kuposa, ndi khoma la njerwa ziwiri zogundana, limene amisiri amati la mainchi 9. Mukapeza 11 mpaka 14, ndi la njerwa imodzi yogonekedwa m'litali. Mabafa ambiri akunja ndi a mtundu wachiwiriwu, ndipo poti alibe denga, palibe chimene chikugwira khomalo kumwamba.

Lachiwiri, njerwazo anazimanga ndi chiyani? Pitani kunja kwa bafa kumene kulibe pulasitala, mukande ndi msomali pakati pa njerwa ziwiri. Ngati msomali ukungolemba kamzere koyera, ndi simenti yabwino. Ngati ukulowa, dothi n'kumayoyoka, ndiye anamanga ndi matope, kapena simenti inali ya dzina lokha. Samalani apa: amisiri ambiri amamanga ndi dothi n'kutseka mizere ndi simenti kunja kokha, ndiye kandani mozama ndithu, kupitirira sentimita imodzi.

Lachitatu, njerwayo inapsa? Kandaninso njerwa yeniyeniyo. Yopsa bwino imakana msomali, ndipo mukaigogoda imalira ngwee. Ya m'mphepete mwa uvuni, imene moto sunaifike bwino, imakhala yotuwa, imalira phuu, ndipo imafumbutuka. Zidina, njerwa zosaotcha, sitikuziwerengera n'komwe: m'chidina simumangirira chilichonse chimene munthu angatsamire.

Lachinayi, chinyezi chalidya kufika pati? Ku Thyolo kumagwa mvula yambiri, n'chifukwa chake tiyi amakula bwino, ndipo mvula ikatha Chiperoni chimabwera ndi mawawa ake. Khoma la bafa limanyowa mkati tsiku lililonse, kunjanso limanyowa miyezi yambiri. Onani ndere zobiriwira, zoyera ngati mchere m'munsi mwa khoma, ndi pulasitala wofufuma. Gogodani pang'onopang'ono ndi hamala: pamene palira ngati ng'oma, pulasitala anasiyana ndi njerwa. Makoma amene anapulumuka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 muwayang'anenso bwino ming'alu, makamaka m'makona. Pomaliza ikani zikhatho kumwamba kwa khoma, wina ayang'ane m'munsi, mukankhe pang'ono. Likangogwedezeka ngakhale pang'ono, nkhani yatha: pakhoma limenelo sipaikidwa chogwirira.

Khoma likayankha bwino

Ngati ndi la mainchi 9, la njerwa zopsa, lomanga ndi simenti komanso louma, mukhoza kumangirira chogwirira chogula. Sankhani chachitsulo chosachita dzimbiri, chokhuthala masentimita 3 mpaka 3.5 kuti zala za munthu wamkulu zichizungulire, chokhala ndi maboo atatu kumapeto kulikonse. Pakati pa chitsulo ndi khoma pakhale mpata wa masentimita 4 kapena 5: zala zilowe, koma mkono usalowe n'kukodwa munthu akagwa.

Chinsinsi chili pa kutalika kwa masikuluwu. Pulasitala amatenga pafupifupi masentimita 2, matailosi ndi matope ake enanso 1 kapena kuposa, ndipo zonsezi sizigwira kanthu. Chimene chimagwira ndi njerwa, ndipo sikuluwu ilowe mu njerwamo masentimita osachepera 5. Ndiye mukufunika masikuluwu a masentimita 8, ndi mapulagi a pulasitiki a mamilimita 10, pulagi yonse italowa mpaka m'njerwa. Timasikuluwu tatifupi timene nthawi zina timabwera m'paketi limodzi ndi chitsulo tisiyeni. Boolani pakati pa njerwa, osati mu mzere wa simenti kapena m'mphepete. Popeza pulasitala wabisa njerwa, fumbi ndilo likuuzeni: lofiira ndi njerwa, lotuwa ndi mzere, ndipo ngati choboolera chalowa mwadzidzidzi ngati mu nsima, pamenepo palibe chogwira, sunthani. Kusuntha chogwirira ndi masentimita 2 kapena 3 kuti chipeze njerwa yabwino n'kololedwa. Pemererani fumbi lituluke musanalowetse pulagi, ndipo pomaliza muzungulize silikoni kuti madzi asalowe m'maboo.

Amisiri ena amakonda mabawuti aja otukumuka mkati mwa khoma mukamawamanga. Mu konkire ndi abwino kwambiri. Mu njerwa zathu zoumba pamanja amatha kuing'amba njerwa mkati inu osaona, bawuti n'kumaoneka ngati yagwira.

Nyumba zatsopano zambiri ndi za mabuloko a simenti, makamaka kuchokera mu 2018 pamene boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda. Buloko ili ndi mphako mkati, ndipo khungu lake ndi la masentimita 3 okha kapena kucheperapo, ndiye pulagi wamba imangolendewera m'mphakomo. Apa boolani mpaka kutulukira kuseri, mulowetse bawuti yaitali, ndipo kuseriko muike chitsulo chafulati chachikulu ngati chikhatho, kenaka nati. Mukatero si boo lokha limene likugwira koma buloko yonse. Musamange nati mpaka kuphwanya khungu la buloko.

Paliponse pamene mukuboola, pewani mzere wolunjika pamwamba, pansi kapena m'mbali mwa switchi, soketi kapena mpopi, chifukwa mawaya ndi mapaipi amadutsa m'menemo. Ndipo ngati makolo akukhala m'nyumba ya kampani ku esiteti, nyumbayo si yanu. Yambani mwapempha chilolezo ku ofesi, ndipo chikhale cholembedwa. Ngati akana kuboola, kapena makolo atsala pang'ono kupuma ntchito n'kusamuka, pangitsani mpando wachitsulo wa miyendo inayi wokhala ndi poika manja, umene mudzanyamule posamuka.

Khoma likakana, gwirani nthaka

Tibwerere kwa amayi athu aku Makwasa. Tayeza khoma lawo tapeza masentimita 12. Msomali walowa mu mzere mpaka theka. M'munsi muli ndere. Khoma limeneli ntchito yake n'kubisa munthu posamba, basi. Ngakhale mutaboola mpaka kuseri n'kuika chitsulo chafulati, mungokhala mwamangirira chogwirira ku njerwa zimene zikhoza kubwera zonse pamodzi. Njira yake n'kulisiya khomalo, chogwirira n'kuchizika pansi.

Pitani kwa wowotcherera zitsulo, pa Boma, ku Bvumbwe kapena ku Luchenza, ndi chojambula cha chinthu chooneka ngati chilembo cha h. Mwendo wakutsogolo ndi wautali: masentimita 120 pamwamba pa nthaka ndi 45 olowa pansi, onse pamodzi 165. Mwendo wakumbuyo ndi waufupi: 62 pamwamba ndi 45 pansi, pamodzi 107. Pakati pake pali chopingasa cha masentimita 60, chimene pamwamba pake pali pa 62 kuchokera pansi pa bafa. Mwendo wautali uja ndiye chogwirira choimirira, chopingasacho ndicho chodzukira. Chinthu chimodzi chagwira ntchito ziwiri.

Gwiritsani ntchito mapaipi achitsulo a madzi, otuwa aja osachita dzimbiri msanga. Chopingasa chikhale paipi ya inchi imodzi. Musanyengedwe ndi dzinalo: inchi imodziyo ndi ya mkati, kunja kwake ndi pafupifupi masentimita 3.4, amene ndi muyeso weniweni wa dzanja. Miyendo ikhale paipi ya inchi imodzi ndi theka, imene kunja kwake ndi masentimita 4.8. Tikukulitsa miyendo chifukwa mtengo wautali wozikidwa pansi umavutikira patsinde munthu akaukoka kumwamba, ndipo paipi ya inchi imodzi pa utali wa 120 ikhoza kupindika. Mapaipi opyapyala a makatani kapena a mawaya a magetsi ayi ndithu, ngakhale mmisiri atati, “Abwana, iyi ndi yotchipa koma ndi chimodzimodzi.” Si chimodzimodzi. Kunsi kwa miyendo awotchererepo kachitsulo kopingasa kuti konkire ipeze pogwira, kumwamba atseke maboo kuti madzi asadzaze, asalaze powotcherera ponse ndi galainda, ndipo apake penti yoteteza dzimbiri pamenepo, chifukwa moto umapsereza zotuwa zija.

M'bafamo dulani pansi, mukumbe ngalande imodzi yolowa miyendo yonse iwiri: masentimita 80 m'litali, 30 m'lifupi, 50 kuya. Italikirane pang'ono ndi khoma kuti musafukule maziko ake, amene pa mabafa otere amakhala osazama. Thirani konkire pang'ono pansi, imikani chitsulo, muchiongole ndi levulo, ndipo muyeze 62 uja kuchokera pamene pansi padzathere, osati kuchokera m'dzenje. Konkire ikhale ya muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, inayi ya miyala ya kwale, zonse poyeza ndi ndowa imodzimodzi. Ngalande yotereyi siimaliza thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50. Sinjirani ndi mtengo kuti mpweya utuluke, phimbani ndi masaka onyowa, muzithirira madzi masiku 7, ndipo masiku amenewa wina asachigwire. Amayi asambe kwina sabata imeneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpando ukhale pa miyendo yake

M'masitolo akuluakulu muli mipando yopinda yomangirira kukhoma, yopanda miyendo. Imaoneka bwino pa chithunzi, koma tiyeni tiwerengere zimene imachita ku khoma. Amayi a makilogalamu 60 akhala, kulemera kwawo kwagwera pafupifupi masentimita 25 kuchokera kukhoma. Tinene kuti masikuluwu akumwamba ndi akumunsi a mpandowo atalikirana masentimita 10. Mpandowo wasanduka ngati hamala yozulira msomali: 60 kuchulukitsa ndi 25, kugawa ndi 10, tikupeza 150. Masikuluwu akumwamba akukokedwa kutuluka m'khoma ndi mphamvu ya makilogalamu 150, amayi atangokhala phee. Tsono munthu wa maondo owawa sakhala mwapang'onopang'ono, masentimita omaliza amangodzigwetsa, ndipo mphamvu ija imakwera kwambiri. Pa khoma la konkire kapena la mainchi 9 labwino zikhoza kutheka, bola mpandowo ukhale ndi miyendo yotsikira pansi. Pa khoma la amayi athuwa, musayerekeze.

Mpando wa pulasitiki wa pa maliro ndi pa ukwati uja nawonso si yankho. Miyendo yake imatangadza pa simenti yonyowa, ndipo ukakhalitsa padzuwa umauma n'kuthyoka osachenjeza.

Mangani mpando wa njerwa, koma osati chimulu chotsekeka. Munthu podzuka amayamba wabweza mapazi kumbuyo, pansi pa maondo. Kutsogolo kwa mpando kukakhala kotseka, zidendene zimagunda ndipo amadzuka movutika. Mangani timakoma tiwiri ndi simenti, chilichonse chotalika njerwa imodzi ndi theka kupita kumbuyo, mizere inayi kukwera, imene imafika cha pa masentimita 35. Pamwamba pake ikani silabu ya konkire ya masentimita 55 m'litali, 40 m'lifupi ndi 7 kukhuthala, yokhala ndi waya kapena tizitsulo mkati. Mukaphatikiza 35 ndi 7 mupeza 42 wathu uja. Njerwa zimasiyana kukula, ndiye mmisiri ayeze ndi tepi, asamangowerenga mizere. Silabuyo ipendekere kutsogolo ndi sentimita imodzi yokha kuti madzi asadikhe, m'mphepete mwake mukhale mozungulira kuti isadule khungu, ndipo asaisalaze mpaka kunyezimira. Pansi pa bafa chimodzimodzi: simenti ikadali yaiwisi adutsepo ndi tsache kuti pakhale pokhakhala. M'mwezi wa Juni silabu imazizira ngati mwala wa mumtsinje, ndiye ikanipo mphira wokhuthala kapena thabwa losalaza lomangirira kuti lisasunthe.

Mpando utalikirane ndi chogwirira masentimita 10 mpaka 15 kuchokera m'mphepete mwake, kuti mkono usapanikizike komanso usatambasuke. Mbali inayo mangani kansanja ka ndowa kofanana kutalika ndi mpando kapena kutsikirapo pang'ono, ndi poika sopo. Anthu ambiri amagwa osati podzuka koma powerama kutunga madzi kapena kutola sopo. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20: imeneyo azilowetsa mdzukulu, osati amayi.

Kuyesa, ndi kuyang'anira muli kutali

Masiku 7 akatha, munthu woyamba kugwira asakhale amayi. Pezani wamkulu thupi kuposa onse pakhomopo. Akanikize chopingasa ndi manja onse mpaka mapazi apepuke, kenaka akoke mwendo wautali uja kumbali zonse, poyamba pang'ono, kenaka mwamphamvu, wina atagwada kuyang'ana patsinde. Paipi kunjenjemera pang'ono kumwamba si vuto. Vuto ndi mng'alu wozungulira konkire, kapena kampata kotseguka pakati pa paipi ndi konkire. Pa chogwirira cha kukhoma zizindikiro zake ndi kafumbi kofiira kogwa pansi pa sikuluwu, kamng'alu ka pulasitala, kapena kulira kwa kwe-kwe. Sikuluwu imene ikungozungulira osalimba musaithire machesi kapena timitengo m'boo monga timachitira ndi zitseko. Sunthani chogwirira chipeze njerwa ina. Kuyesaku muzikubwereza mwezi uliwonse, komanso mvula yoyamba ikagwa ndi pamene yatha.

Ambirife ntchitoyi tiziyendetsa tili ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni, ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Ndiye gawani malipiro patatu, ndipo gawo lililonse lidikire chithunzi pa WhatsApp. Choyamba chikhale kavidiyo ka msomali ukukanda mzere wa khoma ndi tepi ili pakhomo. Chachiwiri, tepi italowa m'ngalande konkire isanathiridwe, chifukwa ikathiridwa palibe amene angadziwe ngati anakumba 50 kapena 25. Chachitatu, tepi itaima pa mpando ndi pa chopingasa, manambala akuoneka, ndi kavidiyo ka kuyesa kuja.

Chotsalira n'kuwauza amayi zimene sizogwirira. Chitsulo cha thaulo, mpopi, paipi ya shawa, chitseko cha malata ndi zogwirira zija zomamatira ndi mpweya zimene mumaziona pa intaneti, zonsezi sizinapangidwe kuti zinyamule munthu, ndipo zomamatirazo pa pulasitala sizigwira n'komwe. Ngati m'bafa muli chitsulo cha thaulo pafupi ndi pamene amaima, chichotseni, thaulo lizikhala pa msomali. Dzanja la munthu amene akugwa silisankha, limagwira chimene chili pafupi. Ndipo tsiku loyamba, atavala, mchemwali wanu ayende nawo kawiri katatu: kulowa, kugwira mwendo wautali, kutembenuka mpaka kuseri kwa maondo kukhudze mpando, dzanja pa chopingasa, kenaka kukhala. Podzuka, mapazi kumbuyo, mutu kutsogolo, dzanja likanikize pansi. Akadzuka aime kaye pang'ono atagwira, asanaponye phazi.